Maola a panjira ndi odikira: amalipira ndani?

Wamalonda akafunsidwa kuti amagwira ntchito maola angati, kawirikawiri amawerenga nthawi imene amakhala pabenchi. Amatsegula 7 koloko m'mawa, amatseka 5 koloko madzulo, basi maola 10. Koma geni siyambira pabenchi. Imayamba pamene munthu watseka chitseko cha nyumba yake m'bandakucha kupita kokaoda, ndipo imapitirira pamene wakhala mu minibasi yosadzadza padepoti, kapena waima m'mbali mwa msewu ndi madengu kudikira galimoto yoti imunyamule.

Pali nthawi ziwiri zimene wamalonda ayenera kuzisiyanitsa. Yoyamba ndi nthawi yolipidwa, imene ndalama zimalowa m'thumba. Yachiwiri ndi nthawi yogwira ntchito, kutanthauza maola onse amene geni yamugwira munthu moti sangachite china chilichonse. Nthawi yachiwiriyi ndi yaitali kuposa yoyamba, ndipo chimene chimaitalikitsa ndi ulendo ndi kudikira. Amene sawerenga maola amenewa amaona ngati akupindula kwambiri pamene akungodzilipira mochepa, ndipo akalemba mnyamata womuthandiza, mkangano wa malipiro umayambira pomwepa.

Ulendo wa ku Lizulu

Chitsanzo chabwino ndi cha mayi wogulitsa matimati pamsika wina mumzinda wa Lilongwe, amene amakaoda yekha ku Lizulu. Uyu ndi Lizulu wa pamsewu wa M1 kupitirira Dedza, m'malire ndi Mozambique, osati msika wa dzina lomweli wa mumzinda. Mitengo yonse ili m'munsimu ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Aliyense aikemo mitengo ya sabata ino ya kumene amaoda.

Mayiyu amanyamuka panyumba 4 koloko m'bandakucha ndipo amafika padepoti 5 koloko. Minibasi sinyamuka isanadzadze, choncho amakhalamo ola lathunthu injini ikungolira. Ulendo umatenga maola awiri ndi theka, ndipo amatsika pa Lizulu hafu 8. Kuzungulira, kunenerera mtengo, kusankha ndi kulongedza madengu anayi kumadya maola awiri. Kenaka amadikira ola ndi theka, chifukwa si galimoto iliyonse imene imalola madengu anayi, ndipo imene yalola imafuna kaye ipeze anthu ena. Pobwerera galimoto yolemedwa imayenda pang'onopang'ono, imaima m'masiteji ndi pamalodibuloko, maola atatu. Ola lomaliza ndi lotsitsa katundu, kumufikitsa posungira ndi kupatula matimati ophwanyika. Pamene akukhala pansi, nthawi ili 4 koloko madzulo.

Awa ndi maola 12, ndipo sanagulitse ngakhale mulu umodzi. Mwa maola amenewa, atatu okha ndi amene manja ake anagwira katundu. Maola asanu ndi limodzi ndi theka anali paulendo, ndipo awiri ndi theka anali ongodikira.

Madengu anayiwo wagula pa K20,000 lililonse, yonse K80,000. Ulendo wake kupita ndi kubwera wadya K24,000, ndipo katundu, onyamula ndi ziphaso zamsika zadya K16,000. Ndalama zonse zimene zatuluka ndi K120,000. Matimatiwo amatha m'masiku awiri pabenchi, maola 10 patsiku, ndipo amabweretsa K184,000. Phindu ndi K64,000.

Mayiyu akagawa phindu limeneli ndi maola 20 a pabenchi, amapeza K3,200 pa ola. Koma maola amene matimatiwa amudyera ndi 32, chifukwa tsiku la ulendo lija ndi la matimati omwewa. Akagawa K64,000 ndi maola 32, amapeza K2,000 pa ola. Imeneyi ndiye ndalama yeniyeni imene ola lake likupanga.

Mnzake amene sapita kutali

Pabenchi loyandikana pali mnzake amene sapita ku Lizulu. Iye amapikula m'mawa uliwonse pamsika wa Wakawaka mumzinda momwemo, kwa anthu amene abweretsa kale katundu pagalimoto. Amagula modula, K32,000 dengu limodzi, ndipo amatenga awiri patsiku. M'masiku awiri wagula madengu anayi pa K128,000, kuphatikiza K8,000 ya kabaza ndi ziphaso, yonse K136,000. Amagulitsa pamtengo wofanana ndi mnzake uja ndi kupeza K184,000. Phindu lake ndi K48,000.

Pongoyang'ana, wa ku Lizulu uja wapambana ndi K16,000, ndipo n'zosadabwitsa akamamuuza mnzakeyo kuti akudyeredwa ndi opikulitsa. Koma wa pa Wakawaka amataya maola awiri okha m'mawa uliwonse pokatenga katundu. Masiku ake awiri ndi maola 24. Akagawa K48,000 ndi maola 24, naye amapeza K2,000 pa ola.

Apa ndi pamene pali phunziro. K16,000 yapamwamba ija si mwayi kapena kuchenjera pogula. Ndi malipiro a maola asanu ndi atatu amene mayi wa ku Lizulu wagwira kuposa mnzake, pa K2,000 ola lililonse. Mtengo wotsika wa kumunda si mphatso. Wopikulitsa wa mumzinda akakweza dengu ndi K12,000, mbali yaikulu ya ndalamayo ndi ya thiransipoti ndi ya maola amene iye wakhala panjira m'malo mwa wogulayo.

Palinso china. Tsiku limene mayi wa ku Lizulu ali panjira, benchi lake ndi lotseka, pamene mnzake akugulitsa. Pakatha masiku atatu, wa ku Lizulu ali ndi K64,000, wa pa Wakawaka ali ndi K72,000, ngakhale kuti wagwira maola anayi ochulukirapo. Makasitomala amene apeza benchi lotseka amagula kwa woyandikana naye, ndipo ena sabwereranso.

Izi sizikutanthauza kuti kupita kumunda n'kulakwa. Zikutanthauza kuti ulendo uli ndi mtengo umene sulembedwa palisiti iliyonse, ndipo wamalonda ayenera kuudziwa asanasankhe koodera.

Chimene chimasintha masamu

Chinthu choyamba ndi kuchedwa. Galimoto ikawonongeka panjira, kapena mafuta akasowa moti magalimoto achepa pamsewu, kudikira kumatalika. Maola atatu okha oonjezera amapangitsa maola a mayi uja kukhala 35, ndipo ola lake limatsika kufika pafupifupi K1,830. Ndi matimati vuto limakhala pawiri, chifukwa dengu limene lakhala padzuwa masana onse limafewa pansi, ndipo zimene zikanagulitsidwa pamtengo wabwino zimapita pamulu wotchipa. Kudikira kumadya nthawi, kumadyanso katundu.

Chinthu chachiwiri ndi kuchuluka kwa katundu. Maola a panjira ndi omwewo kaya munthu wanyamula madengu awiri kaya asanu ndi atatu. Wopita ku Lizulu ndi mpamba wa madengu awiri okha amataya tsiku lonse ndi K24,000 ya ulendo pa katundu wochepa, ndipo phindu lake limathera panjira. Koma kuchulukitsa katundu kuli ndi malire ake: benchi limene limagulitsa madengu awiri patsiku silingamalize asanu ndi atatu asanaole.

N'chifukwa chake njira imene imathandiza ndi yosinthana. Amayi awiri akagwirizana kuti ulendo uno apita mmodzi kukagulira onse, ulendo winawo apita mnzake, aliyense amapulumutsa theka la ndalama ya ulendo, K12,000, ndipo phindu lake limafika K76,000. Maola a panjira nawo amagawika pakati. M'malo mwa maola 32, aliyense amagwira pafupifupi 26 pa madengu anayi omwe aja, ndipo ola limakwera kufika pafupifupi K2,900. Palibe amene wakweza mtengo kwa kasitomala. Chasintha ndi kuchepa kwa maola osalipidwa basi. Mgwirizano wotere umafuna kumvana poyamba za mtundu wa matimati ofunika, mtengo umene wotumidwa asapitirire, ndi mmene agawanire zophwanyika panjira.

Si ola lililonse lili ndi mtengo wofanana

Wina angatsutse kuti ola la 4 koloko m'bandakucha silimutayitsa kasitomala aliyense, popeza msika umakhala usanatsegulidwe. Ndi zoona, ndipo mfundoyi ndi yofunika. Ola lotayika nthawi imene anthu akuweruka kuntchito ndi kugula ndiwo limapweteka kwambiri kuposa ola la m'bandakucha. Wamalonda wanzeru amakankhira maulendo ndi kudikira ku maola amene msika uli zii, ndi kuteteza maola amene ndalama zimayenda.

Komabe ola la m'bandakucha silaulere. Munthu amene wadzuka usiku ndi kukhala maola 12 panjira amatsegula mochedwa mawa lake, kapena amalipira wina womusamalira ana. Funso losavuta loyesera ola lililonse ndi ili: kodi pa nthawiyo munthu anali womasuka kupita kumene akufuna ndi kuchita zake? Ngati yankho ndi ayi chifukwa cha geni, olalo ndi la ntchito, ngakhale anali atangokhala pansi akuodzera.

Ogulitsa nthawi yawo

Wakabaza, wangolo ndi wonyamula katundu sagulitsa matimati. Amagulitsa nthawi ndi mphamvu zawo, choncho nkhaniyi imawakhudza mwachindunji. Wa njinga yamoto akhoza kukhala pasiteji maola 12, koma nthawi imene ali ndi munthu kumbuyo ndi yochepa. Yotsalayo akudikira, kapena akubwerera wopanda kanthu. Mtengo wa ulendo umodzi uyenera kunyamula zonsezi. Kasitomala akamadandaula kuti ulendo wa mphindi 10 wadula, saona mphindi 10 zobwerera ndi mphindi 30 zimene wakabazayo anadikira pamzere.

Vuto lalikulu limabwera ndi mawu akuti "tandidikirani pang'ono, ndingolowa n'kutuluka." Wamalonda wakwera kabaza kupita kuholoselo, wapeza mzere, ndipo pang'ono puja pasanduka mphindi 40. Kodi wakabaza alipiritse zingati? Masamu ake ndi omwe aja. Ngati patsiku, atachotsa mafuta ndi ndalama ya mwini njinga, amatsala ndi K18,000 pa maola 12, ola lake ndi K1,500, ndipo mphindi 40 ndi K1,000. Ndalama yodikira iyenera kuchepa poyerekeza ndi yoyenda, chifukwa njinga yoima simwa mafuta. Koma siyenera kukhala ziro, makamaka m'mawa ndi madzulo pamene anzake pasiteji akunyamula anthu motsatizana.

Mkangano umapeweka mtengo wodikira ukanenedwa ulendo usanayambe: mphindi 10 zoyamba zaulere, zikapitirira pali ndalama yakutiyakuti. Wamalonda naye amapindula, chifukwa akadziwa mtengo wodikira amatha kusankha kumumasula wakabazayo n'kudzakwera wina pobwerera.

Pamene wamalonda walemba wantchito

Geni ikakula, mwini wake amalemba mnyamata kapena mtsikana wa pamwezi, ndipo tsiku lina amamutuma kokaoda. Apa nkhani imachoka pa masamu okha n'kufika pa lamulo. Lamulo loona za kulembana ntchito la m'chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito asapitirire 48 pasabata, osawerengera ovataimu. Kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi, amenewa ndi maola asanu ndi atatu patsiku. Ola loonjezera pa tsiku la ntchito limalipidwa pamtengo wa ola ndi theka. Wantchito akagwira pa tsiku lake lopuma kapena pa tsiku latchuthi la boma, ola lililonse limalipidwa kawiri.

Nanga maola a mu minibasi ndi odikira padepoti awerengedwe? Muyeso wakale umene umathandiza ndi umene bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linaika m'pangano lake la mu 1930 lokhudza ogwira ntchito m'masitolo ndi m'maofesi. Panganolo limati maola a ntchito ndi nthawi imene wantchito ali m'manja mwa womulemba, wokonzeka kutumidwa. Silinena kuti ndi nthawi yokha imene manja akugwira kanthu.

Poyesa ndi muyeso umenewu, maulendo ali pawiri. Ulendo wa tsiku ndi tsiku wochoka kunyumba kubwera pabenchi nthawi zambiri suwerengedwa, chifukwa wantchito amasankha yekha kumene akukhala ndi njira yodzera. Koma ulendo wa ku Lizulu ndi wotumidwa. Mnyamatayo ali ndi ndalama za bwana m'thumba, sangatsike panjira kukacheza, ndipo akadikira galimoto akulondera madengu a bwana. Kudikira nako kuli pawiri. Wouzidwa kuti akhale pashopu mpaka galimoto ya katundu ifike ali pantchito. Wouzidwa kuti apite kwawo adzabwere 2 koloko ndi womasuka mpaka nthawiyo.

Ngati malipiro a mnyamatayo akugwa pa K6,400 patsiku la maola asanu ndi atatu, ola lake ndi K800. Ulendo wa maola 12 ndi K6,400 ya tsiku, kuphatikiza maola anayi pa K1,200 lililonse, yomwe ndi K4,800. Yonse ndi K11,200. Akatumidwa pa tsiku lake lopuma, maola 12 pa K1,600 ndi K19,200.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti bwana amapereka ya thiransipoti ndi ya nkhomaliro n'kuganiza kuti wamaliza. Ndalama ya thiransipoti imapita kwa kondakitala, ya nkhomaliro imapita kwa wophika. Palibe imene yalipira maola a mnyamatayo. Wantchito amene akuona kuti maola ake akupita pachabe amayamba kudzilipira yekha: amawonjezera pang'ono pamtengo umene wagulira, kapena amasowa tsiku lotsatira. Ena amasunga nkhaniyo mumtima mpaka tsiku losiya ntchito, n'kukaitula kuofesi ya zantchito paboma, kumene bwana wopanda kaundula wa maola amavutika kudziteteza.

Bwana akawerenga bwino, kulipira mokwanira sikumuluzitsa. Mayi uja, amene ola lake ndi K2,000, akatuma mnyamata pa K11,200 amapulumutsa maola 12 a iye mwini. Koma izi zimapindula pokhapokha ngati tsikulo ali ndi katundu wina woti agulitse pabenchi. Akatsala pakhomo benchi lili lotseka, wangowonjezera ndalama zotuluka.

Waganyu ndi wosiyana ndi wa pamwezi. Iye amalipidwa pa ntchito imene yatha, monga kutsitsa matumba 50, choncho galimoto ikachedwa kuyambira m'mawa mpaka masana, amene waluza ndi iyeyo. N'chifukwa chake aganyu amene anapsapo amathawa galimoto isanafike, kapena amakweza mtengo ikafika. Woitana aganyu achite chimodzi mwa ziwiri: awaitane galimoto ikatsala pang'ono kufika, kapena agwirizane nawo poyamba kandalama ka kudikira.

Kope la sabata imodzi

Njira yodziwira ngati maola osalipidwa akudya geni sifuna zambiri. Kope la ana asukulu ndi wotchi ya pafoni n'zokwanira. Kwa sabata imodzi, wamalonda alembe nthawi yotuluka panyumba ndi yobwerera, ndipo maola a pakatipo awagawe patatu: a paulendo, odikira, ndi ogulitsa. Pakutha pa sabata achotse ndalama zonse zotuluka pa zimene wagulitsa, ndipo chotsalacho achigawe ndi maola onse atatuwo pamodzi.

Nambala imene yatuluka ndiyo mtengo wa ola lake, ndipo imayankha mafunso amene amavuta tsiku ndi tsiku. Ngati ola ndi K2,000, kudikira minibasi yotchipa kwa ola ndi theka kuti apulumutse K1,500 ndi kutaya K3,000 pofuna K1,500. Kuzungulira msika wonse maola awiri kufuna dengu lotsika ndi K500 pa madengu anayi ndi kugula K2,000 ndi K4,000. Kasitomala wofuna kuti amupititsire katundu kunyumba, ulendo wa ola limodzi kupita ndi kubwera, ayenera kulipira ya kabaza ndi ya olalo, kapena agule zochuluka moti phindu lake likwirire zonse ziwiri.

Kopelo limaonetsanso pamene pakutayika nthawi yambiri. Ngati ndi pobwerera, yankho lingakhale kugwirizana ndi dalaivala mmodzi wodalirika ndi kumuimbira katundu asanathe kulongedzedwa. Ngati ndi posankha katundu, mlimi wodziwana naye akhoza kuimbiridwa dzulo lake kuti akonzeretu madengu. Ena amatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money n'kulandira katundu padepoti osayenda n'komwe. Njira imeneyi imachotsa maola onse a panjira, koma imabweretsa chiopsezo china: dengu lokongola pamwamba, zoola pansi. Ndi yoyenera kwa anthu amene agulitsana kwa nthawi yaitali, ndipo ndi bwino kuyamba ndi katundu wochepa.

Mitengo ya matimati imasintha ndi nyengo, ndipo mtengo wa minibasi umasintha mafuta akakwera. Masamu amene anakomera ulendo wa ku Lizulu mwezi watha akhoza kukomera Wakawaka mwezi uno. Choncho kuwerengaku kubwerezedwe nthawi iliyonse imene mtengo wa thiransipoti wasintha, kapena pamene kusiyana kwa mtengo wa kumunda ndi wa mumzinda kwachepa. Pachitsanzo cha amayi awiri aja, malire anali K12,000 pa dengu: kusiyana kukatsika pamenepo, ulendo sukudzilipiranso, ndipo kukakwera, ndi nthawi yodzukanso 4 koloko.